Pulogalamu yogulitsira mu lesitilanti yaying'ono: musankhe iti, ndipo Lolemba muziwerenga chiyani?

*Ndili ndi lesitilanti yaying'ono ku Zomba, ya matebulo asanu ndi atatu ndi antchito asanu. Timagulitsa nsima, mpunga, chipisi ndi zakumwa. Masana kumadzaza ndithu, koma mwezi ukatha ndalama sizioneka. Zonse timalemba m'buku. Bambo wina akufuna andiikire pulogalamu ya pa kompyuta, pomwe mwana wa mchemwali wanga akuti zilipo zaulere za pa foni. Ndisankhe bwanji? Nanga ndikaika, ndiziyang'ana chiyani sabata iliyonse, poti ine sindikhalapo tsiku lonse?*

Mayi wa ku Zomba

Zikomo mayi. Musanapereke ndalama kwa aliyense, timvane kaye za katundu amene mukugula. Kamakina ka kubanki kochotsera ndalama pa khadi, kamene ambiri timangoti POS, ntchito yake n'kulandira malipiro basi. Sikadziwa kuti K8,000 imene yalowayo ndi ya nsima ya nkhuku kapena ya chipisi. Chimene inu mukufuna ndi pulogalamu yolemba mbale iliyonse yotuluka kukhitchini, amene waigulitsa, nthawi yake, ndi njira imene kasitomala walipirira. Bambo akuikirani pulogalamuwo muwafunse kuti pa ziwirizi akugulitsa chiti.

Chachiwiri n'chakuti pulogalamu imadziwa zokhazo zimene munthu waiuza. Mbale ikatuluka osalembedwa, malipoti onse adzaoneka bwinobwino, ndalama zidzagwirizana, koma nkhuku zikutha m'firiji. N'chifukwa chake ine lipoti sindiliwerenga palokha. Ndimaliyerekeza ndi chinthu chimene ndingachiwerenge ndi manja anga: ndalama za m'dilowa, balansi ya pa foni, nkhuku zotsala, mabotolo a m'kuleti. Pulogalamu yabwino kwa inu ndi imene ikupangitseni kuyerekeza kumeneku kukhala kosavuta, ndipo zonse zimene ndinene pa kasankhidwe zikuchokera pamenepa.

Muiyese magetsi atazima

Wogulitsa pulogalamu amaionetsa ali mu ofesi yake, intaneti ili bwino, magetsi akuyaka. Inu mudzaigwiritsa ntchito masana dzuwa lili paliwombo, anthu aima pamzere, magetsi azima, netiweki ikubwera n'kupita. Choncho pomuyesa, muuzeni azimitse intaneti pa foni kapena pa tabuleti, kenako agulitse mbale zitatu, atulutse lisiti, atumize oda kukhitchini. Akatero ayatsenso intaneti, muone ngati mbale zitatu zija zafika m'malipoti. Pulogalamu imene ikukana kugulitsa popanda intaneti isiyeni pomwepo, kaya ikongole bwanji, chifukwa tsiku limene idzaime antchito adzabwerera ku buku, ndipo za m'bukuzo sizidzalowetsedwanso.

Pa lesitilanti ya msinkhu wanu ine ndimakonda tabuleti kapena foni ya Android kuposa kompyuta ya padesiki. Tabuleti ili ndi batire lake, pawa banki imaikwanira tsiku lonse, ndipo kapulinta ka malisiti ka mapepala a mamilimita 58 kolumikiza ndi Bluetooth kamapezeka kokhala ndi batire. Kompyuta ya padesiki imafuna batire lapadera kapena jenereta, ndipo kuzima kwadzidzidzi kumatha kuwononga zimene yasunga. Sikuti ya kompyutayo n'njoipa, koma pamalo a matebulo asanu ndi atatu mukhala mukulipirira mphamvu zimene simuzigwiritsa ntchito.

Mwana wa mchemwali wanuyo sakunama. Pali mapulogalamu ngati Loyverse POS, amene kugulitsa, kutulutsa malisiti ndi malipoti oyambira n'kwaulere, amagwira pa Android ndi pa iPhone, ndipo amapitiriza kugulitsa intaneti ikadukiza. Zina, monga kupatsa wantchito aliyense nambala yake yachinsinsi, ndi zolipira mwezi ndi mwezi. Palinso Odoo, imene ili ndi gawo la malesitilanti koma imafuna munthu woidziwa kuti aikonze, ndi SambaPOS ya pa kompyuta za Windows. Mukafufuza pa intaneti muona kwambiri mayina ngati Square ndi Toast. Amenewo musataye nawo nthawi, anawapangira misika ya kunja ndipo malipiro ake salumikizana ndi mabanki athu.

Pa pulogalamu iliyonse yogwira popanda intaneti pali ngozi imodzi yofunika kuidziwa. Zogulitsidwa nthawi imeneyo zimakhala m'tabuletimo mokha mpaka intaneti itabwera. Wina akaifufuta pulogalamuyo kuti apeze malo a mavidiyo, kapena tabuleti ikabedwa, za tsikulo zapita. Ikani lamulo loti potseka usiku tabuleti iziyatsidwa intaneti mpaka malisiti onse atumizidwe, ndipo ikhale ya bizinesi yokha, osati foni ya kashiya imene amapita nayo kunyumba.

Aliyense ndi nambala yake

Inu simukhalapo tsiku lonse, ndiye ichi ndicho chinthu chokha chimene ndinganene kuti ngakhale chikhale cholipira, lipirani. Wantchito aliyense azilowa ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo mphamvu zawo zisiyane. Woperekera zakudya azitha kulemba oda. Kashiya azitha kulandira ndalama. Koma kufufuta oda, kubweza ndalama, kuchotsera mtengo ndi kusintha mitengo ya pa menyu zikhale za inu ndi munthu mmodzi amene mwamusiyira malo. Onse akamagwiritsa ntchito nambala imodzi, lipoti lidzakuuzani kuti oda inafufutidwa Lachinayi madzulo, koma mukafunsa aliyense adzati "si ine, mayi," ndipo simudzakhala ndi pogwira.

Onetsetsaninso kuti mukhoza kudzipangira nokha njira zolipirira. Mapulogalamu ambiri amabwera ndi ziwiri, `Cash` ndi `Card`. Inu mukufunika zisanu zosiyana: ndalama zapamanja, Airtel Money, TNM Mpamba, khadi, ndi ngongole. Musaphatikize Airtel Money ndi Mpamba pa batani limodzi, chifukwa ndalama zake zimagona m'malo awiri, ndipo mudzaziwerenga padera. Ngongole nayo ikhale ndi batani lake. Ku Zomba kuli maofesi a boma ndi a ku yunivesite, ndipo makasitomala odya lero n'kulipira mwezi ukatha sasowa. Mbale zawo zikalembedwa ngati zalipiridwa, dilowa lizioneka loperewera tsiku ndi tsiku ndipo muzikayikira kashiya wosalakwa.

Pa nkhani ya msonkho, zonse zidalira ngati bizinesi yanu inalembetsa msonkho wa VAT. Kuyambira mu 2014 bungwe la MRA linalamula olembetsa msonkhowu kuti azipereka malisiti a makina a EFD, ndipo mu 2025 linayamba kusamutsira amalonda ku dongosolo latsopano la EIS, lopereka malisiti a msonkho kudzera pa intaneti. Lisiti lotuluka mu pulogalamu wamba silolowa m'malo mwa lisiti la MRA. Ngati munalembetsa, funsani wogulitsayo ngati pulogalamu yake imalumikizana ndi dongosolo la MRA, akuonetseni lisiti lenileni, ndipo mukatsimikize ku ofesi ya MRA musanalipire. Apa ndi pamene pulogalamu yopangidwa kuno kwathu imatha kuposa yaulere ya kunja. Popanda kulumikizanako kashiya azilemba malonda amodzi kawiri, ndipo masana kukadzaza kumodziko kuzidumphidwa.

Za mtengo, musayang'ane ndalama ya tsiku loyamba yokha. Mapulogalamu a kunja amalipiritsa m'madola, ndipo mukukumbukira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti: zolipira m'madola zonse zinakwera tsiku lomwelo. Mufunikanso khadi la kubanki lotha kulipira kunja. Wogulitsa wa kuno amalipiritsa m'makwacha ndipo mukhoza kumuimbira, koma mufunseni mafunso awiri. Pulinta ikakana kugwira Loweruka masana, adzabwera ndani ndipo kuchokera kuti, ku Zomba konko kapena ku Blantyre? Nanga tsiku limene mudzasiyane naye, mbiri ya malonda anu mudzaitenga bwanji? Akuonetseni batani la `Export` ndipo fayilo yotulukayo itseguke mu Excel. Mapulogalamu ena aulere amangoonetsa malonda a masabata ochepa a m'mbuyo pokhapokha mulipire, choncho kutulutsa fayilo sabata iliyonse n'kusunga n'chizolowezi chabwino.

Menyu ndiyo imabala malipoti

Ambiri amalakwitsa pano, pa tsiku loika pulogalamu. Amapanga batani limodzi lolembedwa "Chakudya", kashiya n'kumalemba yekha mtengo. Mukatero mwangogula kakyuleta wodula. Mbale iliyonse ikhale ndi batani lake ndi mtengo wokhazikika: nsima ya nkhuku, mpunga wa nkhuku, chipisi cha nkhuku, nsima ya ng'ombe, nsima ya chambo, nsima ya nyemba. Ndiwo ndiyo imadya ndalama zambiri pa mbale, ndiye dzina la batani lizionetsa ndiwo. Nsima yowonjezera ikhale ndi batani lake, kontena yonyamulira chakudya nayonso, ndipo zakumwa zilembedwe mtundu uliwonse paokha.

Pangani mabatani enanso awiri a mtengo wa ziro, lina la chakudya cha antchito, lina la chakudya chowonongeka kapena chobwezedwa, ndipo azionetsa ndiwo yake. Chakudya chimene mwadya inu eni ake, kapena alamu anu atabwera kudzacheza, chizilembedwanso. Si kuumira ayi. Mukapanda kutero simungasiyanitse mbale yoperekedwa ndi mbale yobedwa.

Pamwamba pa zonsezi pakhale lamulo limodzi: wophika sapakula popanda tikiti. Tikiti ikhoza kutuluka pa pulinta ya kukhitchini, kapena kukhala lisiti lachiwiri lochokera pa kauntala. Wophika aziibaya pa msomali, usiku matikiti n'kumangidwa ndi labala, tsiku n'kulembedwa pamwamba. Mapepala a pulinta zoterezi amafufutika ndi kutentha, choncho msomaliwo usakhale pafupi ndi mbaula.

Lolemba m'mawa, yambani ndi ndalama

Sankhani nthawi imodzi yosasintha, tinene Lolemba musanatsegule, muwerenge za kuyambira Lolemba lapitalo mpaka Lamulungu. Mayina a malipoti ndiwatchula monga amaonekera mu Loyverse, koma m'mapulogalamu ena amafanana. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, inu mudzaikepo anu.

Lipoti loyamba ndi `Sales by payment type`, limene limagawa malonda potengera njira yolipirira. Tiyerekeze kuti sabatayo mwagulitsa za K2,600,000, ndipo lipoti likuti zapamanja ndi K1,420,000, za Airtel Money K690,000, za Mpamba K260,000, za khadi K150,000, ngongole K80,000. Tsopano tengani nambala iliyonse mukaiyerekeze ndi kumene ndalamazo zili. Za khadi muziona pa sitetimenti ya kubanki, pokumbukira kuti banki imadulapo kake ndiponso kuti za Loweruka zimatha kulowa sabata yotsatira. Za pa foni muziona pa mndandanda wa zolowa pa nambala ya bizinesi. Zapamanja muziphatikiza zimene kashiya wakhala akukupatsani usiku uliwonse.

Tinene kuti zapamanja mwapeza K1,372,000, kutanthauza kuti zaperewera ndi K48,000. Mtima usathamange. Onani kaye ku Airtel Money: kwalowa K722,000, kupitirira za m'lipoti ndi K32,000. Pamenepa palibe wakuba. Makasitomala anayi a mbale za K8,000 analipira pa foni, kashiya n'kudina batani la ndalama zapamanja chifukwa ndilo chala chinazolowera. Zimenezi zimatha ndi kumukumbutsa. Zoperewera zenizeni ndi K16,000 yokha.

K16,000 imeneyo muifufuze mu lipoti la `Shifts`. Kashiya akamayamba ntchito amalemba chenje chimene wapeza m'dilowa, ndipo akamaweruka amawerenga ndalama n'kulemba zimene zilipo. Pulogalamu imayerekeza zimene zimayenera kukhalapo ndi zimene zawerengedwa. Mukatsegula masiku asanu ndi awiriwo, mwina mupeza kuti onse ali bwino kupatula Lachinayi. Mukafunsa, akuuzani kuti makala anatha, anatenga ndalama m'dilowa kukagula thumba. Zikhoza kukhala zoona, ndipo kawirikawiri zimakhaladi zoona. Vuto ndi lakuti sanalembe. Ndalama iliyonse yotuluka m'dilowa, kaya ya tomato kaya ya kabaza, izilembedwa ngati `Pay out` nthawi yomweyo, ndi chifukwa chake.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi zikatembenuka: dilowa likukwana ndendende, koma pa foni pakuperewera. Pali njira zitatu zimene zimenezi zimachitikira. Kashiya walandira ndalama pamanja, wadina Airtel Money, ndalamazo waika m'thumba, podziwa kuti usiku mumangowerenga za m'dilowa. Kapena kasitomala wapatsidwa nambala ya wantchito m'malo mwa ya bizinesi. Kapenanso kasitomalayo ndiye wonyenga, waonetsa uthenga wabodza kapena wakale pa foni yake, kashiya n'kukhulupirira. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi. Nambala ya bizinesi ilembedwe poonekera pa khoma, kashiya azitsimikiza pa foni ya bizinesi osati pa ya kasitomala, ndipo azilemba manambala anayi omaliza a uthengawo pa lisiti. Mukaona kusiyana, mudzatha kulondola lisiti limodzilimodzi.

Ndionjezepo kanthu kena. Dilowa limene limakwana mpaka kwacha yomaliza tsiku lililonse ine silindisangalatsa. Pamalo pamene pali chenje ndi anthu ambiri, kusiyana kwa K200 kapena K500 uku ndi uku n'kwachibadwa. Kukwana kosaphonya kumatha kutanthauza kuti kashiya akuona kaye nambala imene pulogalamu ikuyembekezera, n'kuchotsa zapamwamba, kenako n'kulemba. Zapamwambazo n'za mbale zimene sizinalembedwe. Ngati pulogalamu ikulola, mubisireni nambalayo kuti aziwerenga asakudziwa.

Kenako muwerenge nkhuku

Lipoti lachiwiri, `Sales by item`, ndilo limagwira zimene loyamba silingaone. Limakuuzani kuti mbale iliyonse yagulitsidwa kangati. Musayambe n'kuwerenga chilichonse cha m'sitoko, mungatope sabata yachiwiri n'kusiya. Sankhani zinthu zitatu kapena zinayi zodula ndiponso zowerengeka: nkhuku, chambo, nyama ya ng'ombe pa sikelo, ndi zakumwa za m'mabotolo.

Titenge nkhuku. Lamulungu lapitalo usiku m'firiji munali nkhuku 6. M'kati mwa sabata mwagula 40. Dzulo usiku mwatsala 5. Ndiye kuti zaphikidwa nkhuku 41. Ngati mumadula nkhuku panayi, zimenezo ndi nthuli 164. Tsopano ku lipoti: nsima ya nkhuku 88, mpunga wa nkhuku 34, chipisi cha nkhuku 27, pamodzi mbale 149. Pa mabatani a ziro aja palembedwa nthuli 4, zitatu za antchito ndi imodzi yopserera. Zonse zakwana 153. Nthuli 11 sizikudziwika kumene zapita, ndipo pa K8,000 mbale imodzi ndi K88,000 pa sabata. Pa mwezi ikupitirira K350,000. Onani kuti lipoti la ndalama lija silinanene kanthu za zimenezi, chifukwa mbale yosalembedwa siisiya dzenje m'dilowa.

Musanaloze munthu chala, tsekani kaye mipata ina. Choyamba onani nyama ya ng'ombe. Ngati lipoti likuonetsa mbale za ng'ombe zambiri kuposa nyama imene yatha, ndiye kuti wina akudina batani lolakwika, makamaka ngati mitengo ya mbale ziwirizi ndi yofanana. Chachiwiri pitani kukhitchini muone kadulidwe. Nkhuku za ulendo uno zikakhala zing'onozing'ono, wophika amachita manyazi n'kuika kanthuli kena pambale, ndipo nkhuku ya mbale zinayi imathera pa zitatu. Chachitatu funsani za nthuli zotsala usiku: zimabwerera m'firiji, kapena zimapita kunyumba m'jumbo? Zonsezi zikalephera kufotokoza, tsegulani mitolo ya matikiti a pa msomali ija. Ngati matikiti a nkhuku ndi 149 monga m'lipoti, ndiye kuti mbale zikutuluka popanda tikiti, ndipo zimenezi sizingatheke popanda woperekera ndi wophika kugwirizana. Ngati matikiti ndi 160, khitchini ilibe mlandu, vuto lili pa kauntala, ndipo lipoti lachitatu likuuzani.

Zakumwa ndizo zosavuta kuposa zonse, poti botolo silidulidwa. Mabotolo oyamba nawo, kuphatikiza ogulidwa, kuchotsa otsala, zifanane ndi ogulitsidwa. Koma pali chinyengo china chimene chimaoneka mosiyana: malonda a zakumwa akutsika, sitoko ikukwana bwino, pomwe makasitomala ndi omwewo. Nthawi zina ndi wantchito amene akubweretsa kuleti yakeyake n'kumagulitsira m'firiji yanu. Njira yodziwira ndi kugawa chiwerengero cha zakumwa ndi cha mbale. Ngati kale pa mbale khumi zilizonse pankapita zakumwa zisanu ndi chimodzi, lero zikupita zitatu, ndipo sikuti kwazizira ngati mu Juni, werengani mabotolo opanda kanthu kuseri.

Zofufutidwa, zobwezedwa ndi zochotseredwa

Lipoti lachitatu ndi la zinthu zonse zochepetsa malonda: `Discounts`, malisiti obwezedwa amene mumawapeza mu `Receipts`, ndi maoda ofufutidwa. Pogula pulogalamu funsani mwachindunji ngati oda yofufutidwa imasiya chizindikiro, chifukwa si onse amene amasunga zimenezi. Ngati siisunga, ndiye kuti mphamvu yofufuta isakhale ndi wina aliyense kupatula inu.

Chinyengo chofala chimayenda motere. Oda yalembedwa, tikiti yapita kukhitchini, chakudya chatuluka, kasitomala wadya, walipira pamanja, wanyamuka osafunsa lisiti. Oda ija ikadali yotsegula pa tabuleti, ndiye kashiya angoifufuta, kapena kuisamutsira kwa kasitomala wotsatira amene waitanitsa mbale yomweyo. N'chifukwa chake matikiti amachuluka kuposa mbale za m'lipoti.

Powerenga lipotili musayang'ane kwambiri kukula kwa ndalama. Yang'anani kuti ndi ndani, nthawi yanji, ndiponso malipiro amtundu wanji. Kulakwitsa kwenikweni kumamwazikana: wantchito uyu lero, uja mawa, kumakonzedwa mphindi yomweyo, ndipo kumatsatiridwa ndi oda yolondola. Koma ngati pa zobwezedwa 9 za sabatayo 7 ndi za munthu mmodzi, zonse zapamanja, zonse zochitika inu mutachoka kapena pafupi n'kutseka, pamenepo pali nkhani. Ngakhale zili choncho, musamuitane pagulu. Khalani naye pansi ndi malisitiwo, afotokoze limodzilimodzi. Nthawi zambiri antchito akangodziwa kuti mayi amawerenga zimenezi Lolemba lililonse, manambala amasintha okha.

Ndalama zikukwana, nanga phindu?

Zikhoza kutheka kuti mwayerekeza zonse, palibe wakuba, koma mwezi ukuthabe opanda kanthu. Pamenepo vuto ndi mitengo, ndipo nambala yofunika simuipeza yophikaphika mu pulogalamu. Muiwerengere nokha: mtengo wa katundu amene munali naye poyamba sabata, kuphatikiza zimene mwagula, kuchotsa zotsala, kenako mugawe ndi malonda onse. Ngati munayamba ndi katundu wa K310,000, mwagula wa K1,150,000, mwatsala ndi wa K290,000, ndiye kuti mwagwiritsa ntchito wa K1,170,000. Pa malonda a K2,600,000 imeneyo ndi 45 peresenti. Pa K100 iliyonse yolowa, K45 yabwerera kumsika, ndipo K55 yotsalayo ndiyo ilipire lendi, malipiro a antchito, magetsi, madzi, makala ndi inu. Ngati munalembetsa VAT, gwiritsani ntchito malonda mutachotsa msonkho, poti imeneyo si ndalama yanu.

Mabuku a kunja amakonda kunena kuti nambalayi izikhala chapafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Musadzizunze nayo. Malo ogulitsa nsima pa mtengo wa anthu wamba kawirikawiri amakhala pamwamba pa pamenepo. Chofunika ndi kumene nambala yanu ikulowera. Ikachoka pa 45 kupita pa 48, kenako 52, mitengo ya pa menyu ili yomweyo, ndiye kuti mafuta ophikira, ufa kapena nkhuku zakwera ndipo inu mukuwalipirira makasitomala.

Apa mubwerere ku `Sales by item` ndi funso lina: mbale iti ikusiya ndalama zingati? Tinene chambo mumagulitsa K12,000 koma kukonza mbaleyo kumadya K8,500, ndiye chikusiya K3,500. Nkhuku ya K8,000 ikudya K4,300, ikusiya K3,700. Nyemba za K3,500 zikudya K1,200, zikusiya K2,300. Chambo ndicho chimaoneka chapamwamba pa lipoti la ndalama, koma chikusiya zochepa kuposa nkhuku, ndipo nsomba ziwiri zikangowonongeka phindu la mbale zingapo lapita. Nyemba, zimene ambiri amazipeputsa, zikagulidwa mbale 60 zasiya K138,000. Pokweza mitengo, musakweze zonse mofanana. Yambani ndi mbale imene zogulira zake zakwera kwambiri, kenako muone sabata ziwiri zotsatira ngati chiwerengero chake chagwa.

Poyerekeza sabata ndi sabata, werengani mbale, osati makwacha okha. Mitengo ikamakwera, ndalama za malonda zimakula ngakhale makasitomala akuchepa, ndipo munthu amasangalala bizinesi ikufota. Komanso yerekezani zofanana: sabata ya malipiro ndi sabata ya malipiro ya mwezi watha, nthawi imene ophunzira a ku yunivesite atsegulira ndi nthawi inzake yoteroyo. Lipoti la malonda a ola lililonse ndi lothandiza podziwa nthawi yotereka mphika wachiwiri wa nsima, kapena ngati kutsegula mpaka usiku kukubweza ndalama za magetsi, koma limenelo kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Zithunzi zokongola za pa tsamba loyamba, ndi zopatsa makasitomala mapointi, zisiyeni kaye.

Ndikanakhala pamalo panu ndikanachita chonchi. Ngati simunalembetse VAT, yambani ndi yaulere ya pa tabuleti, mulipire gawo la manambala achinsinsi a antchito lokha, mugule pulinta imodzi ndi pawa banki. Musanagule pulintayo onani ngati ili pa mndandanda wa zimene pulogalamuyo imagwira nazo, chifukwa si zonse za m'mashopu zimalumikizika. Ngati munalembetsa, yambani ndi funso la MRA, ndipo bambo aja akaonetsa kuti pulogalamu yawo ikulumikizana ndiponso ikupambana mayeso ozimitsa intaneti, ndalama yawo ndi yomveka. Sabata ziwiri zoyamba buku lisatayidwe, liziyenda pamodzi ndi tabuleti. Manambala a sabata yoyamba adzakhala osokonekera chifukwa antchito akuphunzira, choncho musaweruze nawo munthu. Koma nkhuku za m'firiji muziwerenge Lamulungu usiku pulogalamu isanayambe, chifukwa popanda nambala yoyambirayo lipoti la Lolemba lotsatira lidzasowa choliyerekeza nacho.